Galimoto, bokosi ndi malaya zizitchula dzina limodzi

Bizinesi yonyamula ndi kukapereka katundu wa anthu ili ndi vuto limene wasitolo alibe. Wasitolo amakhala pamalo amodzi, kasitomala ndiye amabwera, ndipo china chikalakwika amadziwa khomo lobwererako. Wonyamula maphukusi ndiye amapita kwa kasitomala. Munthu amene simunamuonepo amagogoda pageti n'kunena kuti wabwera kudzatenga envulopu ya masatifiketi, kapena foni yopita kwa mayi anu ku Mzimba, kapena ndalama za katundu amene wakubweretserani. Inuyo, kapena mlonda, kapena mwana amene watsegula getiyo, muli ndi kamphindi kochepa koti mugamule ngati munthuyo ndi woona. Pa kamphindi kameneko simuona layisensi imene kampaniyo idatenga ku MACRA. Mumaona njinga, bokosi lili kumbuyo kwake ndi malaya amene wavala.

N'chifukwa chake sabata ino ndikufuna tikambe za maonekedwe a galimoto ndi yunifomu pakampani yaing'ono yotumiza katundu. Ambiri amaiona nkhaniyi ngati yokongoletsa, yoti idzaganiziridwe ndalama zikadzachuluka. Ine ndikuti ndi chiphaso choyamba cha bizinesiyo, ndipo chiphasocho chimagwira ntchito pokhapokha ngati chili chofanana paliponse. Kasitomala amene adaona bokosi la buluu lolembedwa zoyera sabata yatha akuyembekeza kuona lomwelo lero. Akaona lina, kukayika kumayamba.

Chovuta si tsiku loyamba. Tsiku loyamba zonse zimagulidwa pamodzi ndipo zimafanana zokha. Chovuta ndi kugula kwachiwiri ndi kwachitatu.

Mmene kusiyana kumalowera

Tiyerekeze kampani ya mu Lilongwe imene ili ndi galimoto imodzi yoyera, ya mtundu wa Probox, njinga zamoto zitatu zokhala ndi mabokosi, ndi anthu 6: dalaivala, anyamata atatu a panjinga, mtsikana wa pakauntala ndi mwiniwake. Poyamba adali ndi njinga imodzi. Mwiniwake adapita kwa wodinda masitika, adasankha buluu pakompyuta, ndipo bokosi lidatuluka lokongola. Patapita miyezi 8 adagula njinga yachiwiri. Wodinda uja adali atasamuka, ndiye adapita kwa wina, n'kumuonetsa chithunzi cha bokosi loyamba pafoni. Wachiwiriyu adajambulanso chizindikiro cha kampani poyang'ana chithunzicho, zilembo zidatuluka zonenepa pang'ono, ndipo buluu wake adapendekera kwa wakuda. Galimoto itabwera, adailemba ndi penti kwa wolemba zikwangwani, amene adaonjezerapo mawu ake kuti pasakhale popanda kanthu. Malaya oyamba adasokedwa ndi telala, achiwiri adagulidwa osokasoka mumsika n'kudindidwa. Pakali pano kampaniyi ili ndi mabuluu anayi, zilembo za mitundu itatu ndi manambala a foni awiri, ndipo imodzi mwa manambalawo ndi ya mnyamata amene adasiya ntchito.

Palibe amene adalakwitsa mwadala pankhaniyi. Mmisiri aliyense adachita zimene adauzidwa, koma zimene adauzidwazo zidali zapakamwa: buluu, dzina lathu, nambala. Mawu akuti buluu amakwana mitundu yambirimbiri, ndipo aliyense ali ndi wake m'mutu.

Mankhwala ake ndi pepala limodzi lokha. Pepalalo linene dzina la kampani monga liyenera kulembedwera, chilembo ndi chilembo, mofanana ndi limene lili palayisensi ndi pamalisiti. Linene nambala imodzi ya foni, ndipo simukhadi yake ikhale m'manja mwa kampani, osati ya wantchito. Linene mitundu iwiri, umodzi waukulu ndi wina wolembera. Linene dzina la kalembedwe ka zilembo, kuti wodinda aliyense akalipeze pakompyuta yake. Pomaliza lisonyeze chithunzi cha galimoto, bokosi ndi malaya, ndi miyezo ya masentimita yosonyeza pamene chilichonse chimakhala. Mmisiri aliyense amene mukumupatsa ntchito alandire pepalali, ndipo ntchito ikatha muiyerekeze ndi pepalalo musanamalize kulipira.

Pamodzi ndi pepalalo, sungani fayilo yeniyeni ya chizindikiro chanu. Amene adachijambula akupatseni fayilo ya mtundu wa SVG, AI kapena EPS, yomwe imakula kufika pa chitseko cha galimoto popanda kuwonongeka. Chithunzi cha JPG chimene chadutsa pa WhatsApp chimaoneka bwino pafoni, koma chikakulitsidwa m'mbali mwa zilembo mumatuluka timasitepe, ndipo wodinda amangochijambulanso mwa nzeru zake. Apo ndi pamene zilembo zimayamba kunenepa ndi kuonda. Fayiloyo muisunge pamalo awiri, ndipo muitenge tsiku limene mukulipira, chifukwa wojambula akasamuka imapita naye.

Yambani ndi nsalu, penti pomaliza

Pankhani ya mtundu pali cholakwika chimodzi chimene pafupifupi aliyense amachita, ndicho kusankhira pakompyuta. Sikirini imaonetsa mtundu ndi kuwala kwake, pamene nsalu, sitika ndi penti zimaonetsa mtundu ndi kuwala kwa dzuwa kumene kwagwa pa izo. Buluu amene amanyezimira pafoni sangatuluke chimodzimodzi pansalu, ndipo mafoni awiri omwewo samuonetsa mofanana.

Njira yabwino ndi kuyamba ndi chinthu chimene chili ndi mitundu yochepa yosankhapo. Kuno kwathu chimenecho ndi nsalu. M'sitolo za nsalu za ku Limbe kapena Lilongwe mupeza mabuluu owerengeka amene amabwera kawirikawiri, ndipo simungauze wogulitsa kuti akusakanizireni wina. Sankhani amene amapezeka nthawi zonse, osati amene wabwera mpukutu umodzi wokha. Mukatero tengani kansalu kameneko kwa wamasitika, muyang'ane mipukutu imene ali nayo, ndipo musankhe umene wayandikira kwambiri. Penti ndiye ibwere pomaliza, chifukwa penti ya galimoto imasakanizidwa mpaka kufanana ndi chitsanzo chilichonse chimene mwabweretsa. Amene amayamba ndi penti amatha mwezi akuzungulira m'sitolo kufunafuna nsalu imene kulibe.

Kuyerekezako muchitire panja, masana, pamthunzi. Magetsi a m'sitolo amanamiza maso, ndipo zinthu ziwiri zimene zimafanana pansi pa babu zimatha kusiyana padzuwa. Mukagwirizana nazo, lembani nambala ya mtunduwo. Mitundu ya penti ndi masitika ambiri ili ndi manambala odziwika padziko lonse. Mwachitsanzo RAL 5010 ndi buluu wina wozama, ndipo amene ali ndi buku la mitundu ya RAL adzapeza yemweyo kulikonse. Koma musadalire nambala yokha, pakuti si mmisiri aliyense ali ndi bukulo. Dulani kansalu, kachidutswa ka sitika ndi kalata kakang'ono kopopera pentiyo, muziike muenvulopu ndi kuzitsekera mudirowa mopanda dzuwa. Zimenezo ndiye mboni zanu. Musamayerekeze katundu watsopano ndi bokosi limene lakhala likuyenda pamsewu chaka chathunthu, chifukwa lidasuluka kale.

Posankha mtunduwo, kumbukirani misewu imene anyamata anu amayendamo. Kampani ya UPS ya ku America, imene idayamba mu 1907, imadziwika ndi bulauni pagalimoto ndi payunifomu, ndipo chimodzi mwa zabwino za mtunduwo n'chakuti suonetsa msanga litsiro. DHL idatenga chikasu ndi kufiira itakhala m'manja mwa kampani ya mtengatenga wa makalata ya ku Germany mu 2002, ndipo lero mumaizindikira galimoto yake musanawerenge n'komwe dzina. Phunziro lake si kutengera mitundu yawo. Amene amapaka chikasu ndi kufiira pabokosi lake amalengezera malonda a eni ake, komanso akudziitanira milandu. Phunziro ndi lakuti adasankha mitundu yochepa ndipo sadaisinthesinthe. Kwa ife, malaya oyera sangafike masana pafumbi lofiira la mu Seputembala, ndipo akuda bii amawotcha munthu amene akhala padzuwa la mu Okutobala tsiku lonse. Mtundu wapakatikati umapirira zonse ziwiri.

Zolemba pagalimoto ndi pabokosi

Kampani yathu yoyerekeza ija siyenera kupopera galimoto yonse buluu. Ndalama zake n'zambiri, mtundu wa galimoto udalembedwa m'mapepala ake kotero kuti kuusintha kumafuna kukonzetsanso mapepalawo, ndiponso tsiku logulitsa galimotoyo mtengo umatsika. Galimoto ikhale yoyera. Mzere umodzi wa buluu wa masentimita 20 mulifupi, woyenda m'mbali zonse ziwiri pamsinkhu umodzi, pamodzi ndi dzina ndi nambala, n'zokwanira. Ubwino wake ndi wakuti galimoto yachiwiri ikadzabwera, kaya ndi ya mtundu wina, idzafanana ndi yoyambayo malinga ikhale yoyera. Choncho pepala lija linenenso kuti kampaniyi imagula galimoto zoyera zokha.

Zolembapo zikhale zitatu: dzina, ntchito imene mumagwira m'mawu ochepa, ndi nambala ya foni. Munthu amene ali pamsewu amaiona galimoto yodutsa kwa masekondi ochepa, ndipo sangawerenge mndandanda wa maboma onse amene mumafikako. Olemba zikwangwani ali ndi muyezo wothandiza: chilembo chotalika masentimita 2.5 chimawerengeka mosavuta pamtunda wa mamita atatu. Ndiye kuti ngati mukufuna kuti munthu amene ali tsidya lina la msewu, pamtunda wa mamita 12, awerenge nambala yanu, manambalawo atalike masentimita 10. Dzina likhale lalikulu kuposa pamenepo. Nambala ya foni ya kuno ili ndi manambala 10, ndipo imagwirika m'mutu ikagawidwa patatu, anayi kenako atatu kenako atatu. Magawidwe amenewo akhale omwewo pagalimoto, pabokosi, pamalisiti ndi pachikwangwani cha ofesi.

Malo amene amawerengedwa kwambiri ndi kumbuyo. Pamzere wa galimoto madzulo, amene ali pambuyo panu amayang'ana chitseko chanu chakumbuyo kwa mphindi zingapo, ndipo ali ndi nthawi yolemba nambala. Komabe musaphimbe nambala puleti, magetsi, timalifulekita kapena galasi limene dalaivala amaonera kumbuyo. M'mbali, pewani kudutsitsa chilembo pampata wa zitseko kapena pachogwirira. Ngati mudzagula galimoto ya chitseko chokhwekhwereza ngati cha minibasi, yang'anani mmene dzina likuonekera chitsekocho chili chotsegula, chifukwa nthawi yotsitsa katundu ndi imene anthu amaiyang'anitsitsa, ndipo dzina lodulidwa pakati limatha kunena zina zochititsa manyazi.

Panjinga yamoto, musavutike ndi thanki. Miyendo ya woyendetsa imaiphimba. Chikwangwani chanu ndi bokosi. Tiyerekeze kuti bokosilo ndi la masentimita 45 mulifupi. Manambala otalika masentimita 5, m'zilembo zosanenepa kwambiri, adzatenga pafupifupi masentimita 39 pamodzi ndi mipata yake, ndipo adzawerengeka pamtunda wa mamita 6, womwe ndi wokwanira kwa amene akukutsatirani. Pamwamba pake pakhale dzina. Kumbuyo ndi m'mbali zonse ziwiri zilembedwe mofanana, ndipo pakona imodzi, yomweyomweyo pabokosi lililonse, pakhale nambala ya njingayo: 01, 02, 03. Nambala imeneyi idzakuthandizani tsiku limene wina adzaimba foni kudandaula kuti njinga yanu idamudula pamphambano. Mabokosi onse akhale a msinkhu umodzi. Ngati akupangidwa ndi wowotcherera, mupatseni miyezo yolembedwa, ndipo mukhale nayo kuti wina adzapange lofanana.

Sitika imene imakhalitsa

Masitika alipo a njira ziwiri. Ina ndi yodula: mpukutu umabwera kale ndi mtundu wake, makina amangodula zilembo. Ina ndi yodinda: inki imathiridwa pasitika yoyera. Kwa kampani ya mitundu iwiri yopanda zithunzi, yodula ndiyo yabwino, chifukwa mtundu wake uli m'kati mwa pulasitikiyo, sudalira makina kapena inki ya tsikulo, ndipo chilembo chimodzi chikakalika mumangosintha chomwecho. Yodinda imafuna kapulasitiki koonekera komata pamwamba kuti inki isapse ndi dzuwa. Wodinda akakupatsani mtengo wotsika modabwitsa, funsani ngati kapulasitiki kameneko kalipo, pakuti nthawi zambiri ndi kamene kachotsedwa.

Sitika yotsika mtengo imadziulula yokha. Pakapita miyezi imakhwinyata n'kubwerera m'kati, ndipo mozungulira chilembo chilichonse mumatsala kamzere ka guluu kamene kamagwira fumbi n'kuda. Kenako makona amatukuka. Pamalo opindika imakana kugona ndipo imadzuka ngati chithuza. Funsani wamasitika dzina la kampani imene idapanga mpukutuwo ndi zaka zimene idalonjeza kuti ikhala panja, ndipo mulembe zimenezo papepala lija. Dziwani kuti zaka zolonjezedwazo zimachepa padzuwa lathu, kuti mtundu wofiira ndiwo umasuluka msanga, ndiponso kuti malo oyang'ana kumwamba, monga boneti, denga ndi chivindikiro cha bokosi, amapsa msanga kuposa m'mbali. Pamenepo musaikepo chilichonse chofunika.

Kawirikawiri sitika imamatuka chifukwa cha pomata, osati chifukwa cha sitikayo. Pamalopo patsukidwe, paume, kenako papukutidwe ndi sipiliti kuti pachoke polishi ndi mafuta. Ntchitoyi ichitikire pamthunzi, chitsulo chili chozizira. Penti yatsopano imafuna masabata angapo kuti iume mpaka m'kati, ndipo mukafulumira kumata, mpweya wotuluka m'pentimo umatukula sitika. Mukamata, galimoto isatsukidwe kwa masiku awiri, ndipo otsuka asamaloze madzi a mphamvu a pamakina m'mphepete mwa zilembo. Mabokosi ena a pulasitiki, a mtundu wa zigubu ndi mabeseni, sagwira guluu ngakhale mutatsuka bwanji. Yesani kaye kachidutswa kwa sabata imodzi. Kakamatuka ndi chikhadabo, matani zolembazo pakalata kosalala n'kukakhomerera pabokosipo.

Chovala chimene chimaoneka ndi chakunja

Tsopano tibwere kumalaya. Eni makampani ambiri amawononga ndalama pamalaya okongola a kolala, okhala ndi chizindikiro pachifuwa. Koma taonani mnyamata wa panjinga ali pantchito. Pamwamba pa malayawo wavala kajekete konyezimira kuti aoneke pamsewu. Mu Juni ndi Julayi wavala juzi kapena jekete ya kwawo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi wavala renikoti. Masiku amene malaya a kampani amaoneka ndi ochepa, ndipo pageti pamafika munthu wovala jekete ya timu ya mpira ya ku Ulaya, atabisa nkhope m'helimeti.

Choncho kwa a panjinga yambani ndi chovala chakunja. Kajekete konyezimira kakhale ka kampani, kolembedwa dzina kumsana m'zilembo zazikulu ndi pachifuwa m'zilembo zazing'ono, koma zolembazo zisaphimbe mizere yonyezimira. Renikoti ndi jekete ya nyengo yozizira zikhale za mtundu umodzi kwa onse, kapena zikhale zoti kajekete kaja kakwane pamwamba pake. Ikani lamulo losavuta: chilichonse chimene wavala, kajekete ka kampani kakhale pamwamba. Mahelimeti gulani a mtundu umodzi, monga oyera, ndipo musawapake penti, chifukwa mankhwala a m'penti amatha kufooketsa pulasitiki wa mahelimeti ena. Lamulo lina laulere n'lakuti wofika pageti avule helimeti asanagogode.

Tiwerengere kampani ija. Anthu anayi oyenda kunja, dalaivala ndi anyamata atatu, afunika malaya atatu aliyense, kuti ena akavalidwa, ena ali pachingwe, ena akhale okonzeka, makamaka nthawi ya mvula pamene zovala siziuma. Amenewo ndi malaya 12. Wa pakauntala ndi mwiniwake awiriawiri, akwana 16. Onjezani anayi osungira wantchito watsopano kapena malaya ong'ambika, onse pamodzi 20. Ngati akusokedwa ndi telala, ndipo aliyense akudya pafupifupi mamita awiri, ndiye kuti mamita 40. Gulani nsalu yonseyo pampukutu umodzi, ndipo ngati thumba lilola onjezani mamita 10 osunga. Chifukwa chake n'chakuti mipukutu iwiri ya dzina limodzi ndi fakitale imodzi imatha kusiyana pang'ono, popeza idanyikidwa mu utoto nthawi zosiyana. Musanasoketse, chapani kachidutswa kangapo ndi sopo amene anthu amachapira kunyumba, mukayanike padzuwa, ndipo mukayerekeze ndi ka muenvulopu kaja. Nsalu imene yasuluka pakuchapa kasanu idzakuchititsani manyazi pakutha pa miyezi itatu.

Chizindikiro chimaikidwa pansalu m'njira zitatu. Kupeta ndi ulusi kumakhalitsa kuposa malayawo, ndipo kumayenera kachizindikiro ka pachifuwa ndi pachipewa, koma sikutulutsa bwino tizilembo tating'ono kwambiri. Kudinda ndi inki kudzera pasefa kumayenera zilembo zazikulu za kumsana, ndipo kumatsika mtengo mukadinda zambiri nthawi imodzi. Kumata ndi makina otentha n'kwachangu ndipo kumatheka ngakhale pamalaya amodzi, koma kotchipa kamang'aluka ndi kumatuka, makamaka kakakumana ndi simbi. Parenikoti musapete, chifukwa singano imasiya mabowo olowa madzi. Njira imene mwasankha pachovala chilichonse ilembedwe, pamodzi ndi malo ake: chifuwa chakumanzere, masentimita 8 mulifupi. Mukapanda kulemba, wina adzachiika kumanja. Antchito auzidwe kuti azichapa ndi kuyanika malayawo atawatembenuza. Buluku ndi nsapato mungosankha mtundu, monga zakuda, ndipo onse autsate.

Yunifomu ikatuluka m'manja mwanu

Pali mbali ina imene imaiwalika. Mukaphunzitsa makasitomala kuti akhulupirire aliyense wovala kajekete kanu, kajeketeko kasanduka kiyi. Wantchito amene wachotsedwa ntchito n'kupita nako akhoza kukagogoda pageti la kasitomala wanu mawa lake, n'kulandira phukusi kapena ndalama. Mlanduwo udzafika pakhomo panu, ndipo dzina lidzaipa ndi lanu.

Ndiye chovala chilichonse chikhale ndi nambala, yolembedwa m'kati mwa kolala ndi inki yosafufutika, ndipo pakajekete ionekere kunja. Pakhale buku losonyeza amene walandira chiyani, tsiku liti, ndi siginecha yake. Kalata yolembera munthu ntchito inene poyera kuti zovalazi ndi za kampani ndipo zimabwezedwa ntchito ikatha. Malaya akatha, dulani chizindikiro musanawapereke kwa wina kapena kuwasandutsa sanza. Aliyense akhalenso ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chake ndi tsiku limene chidzathe mphamvu, kuti chotayika chisagwire ntchito mpaka kalekale.

Masiku otanganidwa, monga kumapeto kwa mwezi ndi nthawi ya Khirisimasi, kampani yotere imabwereka anyamata a kabaza. Amenewa musawapatse malaya. Sungani majekete awiri apadera, a nambala zawozawo, amene amatengedwa m'mawa ndi kubwezedwa madzulo. Galimoto yahayala muikepo zikwangwani za maginito zolembedwa monga pepala lija linenera, podziwa kuti maginito amagwira pachitsulo chokha, ndipo azichotsedwa madzulo ndi kupukutidwa, apo ayi fumbi lolowa kunsi limakala penti ya mwiniwake. Tsiku logulitsa galimoto kapena njinga, matulani zonse isanachoke. Kutenthetsa sitika pang'ono kumaifewetsa. Pansi pake penti imakhala yatsopano kuposa yozungulira, kotero dzina limawerengekabe ngati mthunzi mpaka mutapukuta ndi polishi. Galimoto imene idagulitsidwa ili ndi dzina lanu ikagwidwa ndi makala pamsewu, anthu sadzafunsa kuti mwini wake ndani tsopano.

Ngakhale mutachita zonsezi, yunifomu ili ndi malire ake. Aliyense amene ali ndi ndalama pang'ono akhoza kudinditsa malaya ofanana ndi anu. Choncho izigwira ntchito limodzi ndi uthenga wa pafoni wochokera kunambala imodzi ija, wotchula dzina la amene akubwera ndi nambala ya kajekete kake. Kasitomala akaona kuti uthenga, kajekete ndi bokosi zikugwirizana, wonyenga zimamuvuta. Ndiponso musalembe pagalimoto kuti mumanyamula mafoni, makompyuta kapena ndalama. Dzina likope makasitomala, lisaitane akuba.

Chotsala ndi kuyang'anira. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse, ntchito isanayambe, ikani galimoto ndi njinga zonse pamzere, antchito aime patsogolo pake atavala monga amapitira kwa makasitomala, ndipo mujambule chithunzi chimodzi muli pamtunda wa mamita 10. Diso limene limaona zinthu tsiku ndi tsiku limazolowera, koma chithunzi cha mwezi uno chikaikidwa pambali pa cha miyezi 6 yapitayo, bokosi losuluka ndi nambala imene yathothoka zimaonekeratu. Tulutsani envulopu ija, muike kansalu paphewa la malaya akale kwambiri. Kusiyana kukaoneka muli chapatali, nthawi yosintha yakwana, ndipo musinthe malaya a onse oyenda kunja nthawi imodzi, osati mmodzimmodzi, kuti pasakhale wina wowala pakati pa osuluka.

Ngati ndalama sizikukwana kuchita zonse lero, tsatani dongosolo la zimene kasitomala amayamba kuona: mabokosi ndi majekete poyamba, kenako chitseko chakumbuyo cha galimoto, kenako m'mbali mwake, malaya a kolala pomaliza. Koma pepala lija ndi envulopu ya zitsanzo muzikonze sabata ino, musanagule njinga ina, chifukwa mtengo wake ndi wa pepala ndi envulopu basi.